Kujambula galafu ya mizere yopendekeka: magulu asanu, zaka ziwiri za kafukufuku

Moni nonse anzanga a malipoti. Uthengawu utalikako pang'ono, ndiye ngati muli pafupi ndi kompyuta tsegulani Excel tizipangira limodzi. Nkhani yake ndi ya galafu ija ya mizere yopendekeka, imene timajambula tikakhala ndi magulu angapo a anthu koma zaka za kafukufuku ziwiri zokha. Maonekedwe ake ndi osavuta: mizati iwiri, wakumanzere ndi chaka choyamba, wakumanja ndi chaka chachiwiri. Gulu lililonse lili ndi kadontho pa mzati uliwonse, ndipo timadontho tiwirito timalumikizidwa ndi mzere umodzi. Woona asanawerenge nambala iliyonse wadziwa kale kuti ndani watsika kwambiri, ndani watsika pang'ono, ndani wadutsa mnzake.

Tigwiritsa ntchito manambala a kafukufuku wa za chiwerengero cha anthu ndi zaumoyo m'Malawi wotchedwa MDHS, amene anachitidwa ndi ofesi ya boma ya ziwerengero ya NSO ya ku Zomba, wa 2010 ndi wa 2015-16. Chimene tikuyeza ndi chiwerengero cha ana amene mayi mmodzi angabereke pa moyo wake, kutengera mmene amayi a zaka 15 mpaka 49 anaberekera m'zaka zitatu kafukufuku asanachitike. Dziko lonse linachoka pa 5.7 kufika pa 4.4. Koma ife tikufuna magulu. Lembani: kumudzi, 6.1 kufika 4.7. M'tauni, 4.0 kufika 3.0. Chigawo cha kumpoto, 5.7 kufika 4.2. Chapakati, 5.8 kufika 4.4. Chakummwera, 5.6 kufika 4.6.

Kalembedwe kake mu Excel nkotere. Kabokosi ka A1 kasiyeni kopanda kanthu. Mu B1 lembani '2010, kuyamba ndi kachizindikiro kaja kam'mwamba kamene timalemba m'mawu akuti ng'ombe, ndipo mu C1 lembani '2015-16 chimodzimodzi. Kachizindikiroko kamauza Excel kuti awa ndi mawu, si nambala. Mukakaiwala, nthawi zina imatenga 2010 ngati muyeso weniweni, galafu yanu nkuthawira m'mwamba pa zikwi ziwiri, mizere ya ana nkugona pansi yonse ngati mphasa. Mayina a magulu alowe kuyambira A2 mpaka A6, manambala pambali pake. Kenako sankhani timabokosi ta manambalato muike kuti tizionetsa nambala imodzi pambuyo pa kadontho, apo ayi 4.0 ndi 3.0 zituluka ngati 4 ndi 3 pamene zinzake zili 6.1 ndi 4.7, zosaoneka bwino.

Tsopano sankhani kuyambira A1 mpaka C6, pitani pa Insert, mutenge Line with Markers. Chimene chituluke poyamba si chimene tikufuna, musadabwe. Popeza magulu ndi asanu ndipo zaka ndi ziwiri, Excel imayala magulu m'munsi nkukupatsani mizere iwiri yokhotakhota. Pitani pa Chart Design mudinde Switch Row/Column. Mukaona mizere isanu, uliwonse wa timadontho tiwiri, ndiye mwafika.

Chotsatira ndi mulingo wa m'mbali, uja wa manambala okwera kuchokera pansi. Udindeni kawiri, pa Format Axis, pa Bounds, ikani Minimum 2.5 ndi Maximum 6.5. Alipo amene afunse kuti bwanji osayambira pa 0. Pa galafu ya timizati, kutalika kwa kamzati ndiye uthenga, choncho kuyambira pa 0 nkokakamiza. Pano uthenga ndi kupendekeka kwa mzere, ndipo manambala enieni tiwalemba pa kadontho kalikonse, ndiye palibe amene tikumunamiza. Tikayambira pa 0, pafupifupi theka la pepala likhala lopanda kanthu ndipo zigawo zitatu zija zithithikana malo amodzi. Chimene sitilola ndi chimodzi: mbali ziwirizi kukhala ndi milingo yosiyana. Vutoli limabwera mukajambula pamanja kapena mukaika mzere wina pa Secondary Axis. Ngati 5.0 wa kumanzere sali mulingo umodzi ndi 5.0 wa kumanja, kupendekeka konse ndi bodza. Mukamaliza kuika malire, bisani manambala a m'mbaliwo posankha None pa Label Position. Chotsaninso mizere yopingasa ya kumbuyo ndi kabokosi kofotokoza mitundu kaja ka Legend. Mizati iwiri mungaitulutse pa Add Chart Element, Lines, Drop Lines, muipatse mtundu wotuwa.

Apa tsopano ndi pamene pali ntchito, pa mayina. Legend tachotsa chifukwa sitikufuna woona azingopita uku ndi uku kufananiza mitundu. Dzina la gulu lizikhala pa mzere wake pomwepo. Dindani mzere kamodzi, kenako dindaninso kadontho kakumanzere kokha kuti kasankhidwe kokhakokha. Dindani batani lakumanja la mausi, Add Data Label, kenako Format Data Label, chongani Series Name ndi Value, pa Label Position musankhe Left. Kadontho kakumanja chitani zomwezo koma musankhe Right. Magulu asanu ndiye kuti muchita zimenezi kakhumi. Nzotopetsa, inde, koma nthawi zonse lembani dzina mbali zonse ziwiri mizere ikamadutsana, chifukwa chigawo chimene chili pamwamba pa zinzake kumanzere sichimene chili pamwamba pa zinzake kumanja.

Mukatero muona mayina atatu akumanzere akukwerana, chifukwa 5.6, 5.7 ndi 5.8 zayandikana kwambiri. Musanayambe kukoka mayina ndi mausi, werengerani kaye. Mulingo wathu ukuchoka pa 2.5 kufika pa 6.5, ndiye kuti mbali zinayi zathunthu, kapena timagawo 40 ta 0.1. Malo ojambulawo akatalika masentimita 8, kagawo kamodzi ndi mamilimita 2 basi, pamene zilembo za saizi 10 zimafuna pafupifupi mamilimita atatu ndi theka. Sizingakwane. Mukatalikitsa kufika masentimita 16, kagawo kamodzi kakhala mamilimita 4, mayina aja nkukhala bwinobwino lililonse pa mzere wake. Nchifukwa chake galafu imeneyi imayenera kukhala yoimirira, yaitali kuposa m'lifupi. Mukaitambasula m'mbali kuti idzaze tsamba lonse, mizere imagona ndipo mayina amakwerana. Kumanjanso yang'anani 4.7 wa kumudzi ndi 4.6 wa kummwera, vuto ndi lomwelo. Malo akakhala kuti ndi ochepa ndithu, sunthani dzina lokha pang'ono, kadontho kasiyeni pamalo pake. Kusuntha kadontho ndi kusintha zotsatira za kafukufuku.

Mzere wa dziko lonse sitinauike dala. Ukanayambira pa 5.7, pomwe payambira kumpoto, nkukathera pa 4.4, pomwe pathera chigawo chapakati, ndiye ukanabisa timadontho tiwiri. Nambala ya dziko ilembeni m'mawu pansi pa mutu.

Za mitundu. Magulu asanuwa si a mtundu umodzi: mayi wa kumudzi ku Mzimba ali mu mzere wa kumudzi, alinso mu mzere wa kumpoto. Woona adziwe zimenezo ndi maso. Mizere ya kumudzi ndi m'tauni ipatseni mtundu wotuwa, zigawo zitatu zikhale zakuda, ndipo mzere umodzi wokha umene mukufuna anthu aukambe ukhale wonenepa ndi wa mtundu wowala. Malipoti ambiri amathera pa fotokope yakuda ndi yoyera, choncho kunenepa kwa mzere nkodalirika kuposa mtundu.

Ndiye mzere woti uwale ndi uti? Yang'anani zigawo. Kummwera kunali pansi pa zinzake mu 2010, pa 5.6, koma mu 2015-16 kuli pamwamba pa zinzake, pa 4.6. Mzere wake ukudutsa iwiri inayo. Kunatsika ndi 1.0 pamene kumpoto kunatsika ndi 1.5, pakati ndi 1.4. Pa tebulo la manambala zimenezi mpaka munthu achotsere yekha, koma pano diso laona kale. Mutu wa galafu unene zomwezo m'chiganizo chathunthu, monga wakuti kubereka kwatsika m'magulu onse koma kummwera kwatsika pang'ono kuyerekeza ndi zigawo zina.

Koma apa mpofunika kudekha. Uyu ndi kafukufuku wa mabanja osankhidwa, si kalembera wa munthu aliyense, ndiye nambala iliyonse ili ndi malire amene ingathe kusewera. Kusiyana kwa 5.6 ndi 5.8 nkochepa kwambiri moti simungakhomerepo msomali kuti kummwera ndiko kunali kotsikitsitsa. Tsegulani kumapeto kwa lipoti la MDHS, kuli matebulo a malire amenewa a chigawo chilichonse. Malire a zigawo ziwiri akalowana kwambiri, musalembe kuti chigawo chadutsa chinzake. Nenani za kukula kwa kutsika kokha, kapena kuti zigawo zinali pafupifupi pamodzi mu 2010. Kusiyana kwa kumudzi ndi m'tauni ndiye kulibe mkangano wotere, 6.1 ndi 4.0 zatalikirana.

Mizere iwiri imeneyo ili ndi msampha wake wina. Wa kumudzi ukupendekeka kwambiri kuposa wa m'tauni, 1.4 poyerekeza ndi 1.0, ndipo mpata wa pakati pawo wachepa kuchoka pa 2.1 kufika pa 1.7. Zonsezo nzoona. Koma wina akalemba kuti kumudzi kwasintha mofulumira kuposa m'tauni, mufunseni kuti akuwerenga motani. 1.4 pa 6.1 ndi pafupifupi 23 pa 100 alionse, pamene 1.0 pa 4.0 ndi 25 pa 100. Galafuyi imaonetsa kuchotsera, siionetsa gawo la pomwe gulu linayambira. Gulu loyambira pamwamba lili ndi danga lalikulu lotsikira, ndiye mzere wake umaoneka wotsetsereka. Nenani m'mawu kuti mukukamba za ziti.

Musanaitumize, tsimikizani kuti magulu ndi omwewo zaka zonse ziwiri. Mukamajambula za maboma makamaka, boma lina limakhala lophatikizidwa ndi linzake mu kafukufuku wina koma lili palokha mu winayo. Gulu lotere musalilumikize ndi mzere, liikeni kadontho kokha mbali imene lili ndi nambala, ndi kamawu pansi. Musatengenso kadontho kamodzi ku MDHS, kena ku kafukufuku wa mtundu wina, chifukwa kasankhidwe ka mabanja ndi kafunsidwe zimasiyana, ndiye mzere ungaonetse kusiyana kwa njira osati kwa anthu.

Mzere wowongokawo sukunena kuti chaka chilichonse kubereka kunkatsika mofanana. Pakati pa mizati iwiriyo sitinayeze kanthu, choncho musalole munthu kuloza pakati pa mzere nkumati mu 2013 zinali apa. Ndipo mukafuna kuonjezera kafukufuku wa 2004, imeneyo yakhala galafu ina, ya mizere wamba, ndipo zakazo muziike motalikirana monga zilili pa kalendala. Pansi penipeni pa galafu lembani dzina la kafukufuku, zaka zake ziwiri, ndi kuti ndi amayi a zaka 15 mpaka 49. Mukatha, isindikizeni pa pepala limodzi muone ngati mayina atatu akumanzere aja akuwerengekabe.