Munafunsa ndani kuti tichoke m'misewu?

Kalata yoyamba lero yachokera ku Limbe, kwa mayi amene sanafune kuti titchule dzina lawo. Akuti: "Aulutsi, ine ndimagulitsa tomato. Lachiwiri pa funso la tsiku munalengeza kuti Amalawi ambiri akufuna mavenda tichoke m'misewu. Munafunsa ndani? Pamzere wathu palibe anafunsidwa, ndipo zandiwawa."

Mayi, pepani ndithu. Mawu aja ndinayankhula ndine, ndipo ndinalakwa. Ndinayenera kunena kuti "ambiri mwa omwe atitumizira mauthenga". Funso la tsiku silisankha womufunsa. Amayankha ndi munthu amene ali ndi foni, mayunitsi komanso mpata pa ola limenelo. Ife timafunsa m'mawa, pomwe inu muli kopikula kapena mukuyala tomato m'milu, manja onse ali pa ntchito. Amene wakhala mu minibasi, wakwiya chifukwa msewu wadzaza, ndiye amalemba msanga.

Tiyerekeze kuti mauthenga afika 200, ndipo 140 akuti mavenda achoke. Pamwamba zikuoneka ngati anthu 70 pa 100 alionse. Koma tikayang'ana manambala a foni n'kupeza kuti anthu 10 mwa onena kuti achoke atumiza kasanu aliyense, ndiye kuti mauthenga 40 ndi obwereza. Otsala ndi 100 mwa 160, pafupifupi 63 pa 100. Obwerezawo sabisika: nambala imodzimodzi, mawu ofanana mpaka polakwitsa kalembedwe, ndipo amafika mondondozana. Ngakhale titawachotsa, 160 otsalawo anadzisankha okha. Kafukufuku weniweni, monga wa Afrobarometer, amafunsa anthu 1,200 osankhidwa mwamaere m'zigawo zonse za dziko, kumudzi ndi m'tauni, ndipo ofunsawo amafika pakhomo, kaya mwininyumba ali ndi foni kaya alibe.

Chimene chandikhudza kwambiri ndi funso lenilenilo. Ndabwerera pa pepala limene ndinawerenga tsikulo, ndipo palembedwa kuti: "Kodi mavenda amene akudetsa mizinda yathu achotsedwe?" Taonani, mayi, tinakuweruzani kale funso lisanathe. Ndani angayankhe kuti ayi, apitirize kudetsa? Komanso tinapereka njira ziwiri zokha, inde kapena ayi, pomwe wina akanati achoke koma apatsidwe kaye malo mumsika, wina akanati aziloledwa madzulo okha. Anthu otere tinawakakamiza kulowa m'khola la "inde".

Ndiye Lachisanu tifunsanso, motere: "Kodi khonsolo ichite chiyani ndi ogulitsa m'misewu?" Tilandira mayankho mpaka 8 koloko usiku, nambala iliyonse tiiwerenga kamodzi, ndipo polengeza tinena kuti ayankha ndi anthu angati. Auzeni anzanu apamzerepo. Ngati mayunitsi palibe, mungoflasha pa nambala yathu, ife tikuimbirani, mutiuze ndi pakamwa panu chimene chimakuletsani kulowa mumsika.