Ngongole ya 5 peresenti: tiwerengere limodzi ndalama yeniyeni imene mumalipira

Zikomo a Gulupu, zikomo amayi ndi abambo nonse a kuno kwa Santhe. Amene muli ndi foni, tsegulani kakyuleta. Amene mulibe, yang'anani pabolodipa, tiyendera limodzi.

Tiyerekeze kuti mayi wina akufuna mpamba wokaoda kaunjika ku Kasungu boma. Wapita ku bungwe lobwereketsa ndalama, ndipo amuuza kuti: K120,000, miyezi 6, chiwongoladzanja 5 peresenti pamwezi. Kumva 5 peresenti mtima umakhala pansi, si choncho? Poyerekeza ndi katapila, ikuoneka ngati yaulere.

Koma tsiku lolandira, mayiyu sapatsidwa K120,000. Amudula 5 peresenti yoyendetsera mafomu, yomwe ndi K6,000. Amudulanso 2 peresenti ya inshulansi ya ngongole, K2,400. Wamanga pansalu K111,600 basi. Nambala imeneyi ilembeni, chifukwa ndi ndalama yokhayo imene ikagule belo.

Tsopano kubweza. Mwezi uliwonse akupereka K20,000 ya ngongole yeniyeniyo, kuphatikizapo K6,000 ya chiwongoladzanja, zonse K26,000. Kuchulukitsa ndi miyezi 6, tikupeza K156,000. Chotsanipo K111,600 ija. Mwapeza zingati, achimwene kumbuyoko? Eya, K44,400. Mtengo wa ngongoleyi ndi umenewo: zonse zimene mwapereka, kuchotsapo zimene munagwira m'manja.

Pali chinanso chobisika, ndipo apa ndichedwepo pang'ono. N'chifukwa chiyani K6,000 ija siikutsika? Mwezi woyamba mayiyu ali ndi ngongole ya K120,000, ndiye K6,000 ndi 5 peresenti ndithu. Koma mwezi wachiwiri yatsala K100,000, wachitatu K80,000, kenako K60,000, K40,000, ndipo mwezi womaliza yatsala K20,000 yokha. Komabe akumulipiritsa K6,000 yomweyo. K6,000 pa K20,000 ndi 30 peresenti, abale! Akulipirira ndalama imene anabweza kale, ngati munthu wolipira lendi ya munda wonse pomwe mwini wake analanda kale mizere yambiri. Kawerengedwe aka papepala la ngongole amalemba kuti "flat rate". Kena kamene kamawerengera pa ndalama yotsala yokha amalemba "reducing balance". Pa kameneko, 5 peresenti yomweyo ikanakhala K6,000, K5,000, K4,000, kumatsika choncho mpaka K1,000, zonse pamodzi K21,000 m'malo mwa K36,000.

Ndiye peresenti yeniyeni ya mayiyu ndi yotani? Phatikizani zotsala za miyezi yonse ija, kuyambira K120,000 mpaka K20,000. Zikwana K420,000. Gawani ndi 6, mupeza K70,000. Ndiye kuti, kuika pakatikati, ngongole imene anali nayo mwezi ndi mwezi inali K70,000. Mtengo uja wa K44,400 tikaugawanso ndi 6, ndi K7,400 pamwezi. K7,400 pa K70,000 ndi pafupifupi 10 peresenti ndi theka. Njirayi ndi yachidule, akatswiri ali ndi yawo yolondola kwambiri, koma pa chitsanzo ichi yankho likufanana. Anamuuza 5, akulipira kuposa 10.

Taonani tsono chimene chimapusitsa anthu. Bungwe lina likuti 7 peresenti pamwezi, pa ndalama yotsala, popanda chodula chilichonse. Ambirife tingathawe, eti 7 ndi wamkulu kuposa 5. Koma 7 peresenti ya K420,000 ija ndi K29,400. Pamenepo mayi uja akanapulumutsa K15,000 yathunthu, komanso akanapita kukaoda ndi K120,000 yosadulidwa.

Sindinawerengereko ya kabaza ndi minibasi popita kuboma kukasaina, kapena ya zithunzi. Iwonjezeni nokha. Ndipo ngati akuuzani kuti musungitse kaye ndalama ina kwa iwo ngati chikole, ichotseni pa zimene mwalandira, chifukwa ngakhale adzakubwezerani, siikugwira ntchito pa geni yanu.

Mayi awo akufunsa kuti, nanga nditagulitsa soya n'kubweza yonse mwezi wachitatu? Funso labwino, mayi. Pa ndalama yotsala, chiwongoladzanja chimayenera kuimira pomwepo, pokhapokha ngati pangano lili ndi chindapusa cha kubweza msanga. Pa kawerengedwe koyamba kaja, ena amafunabe K36,000 yonse. K8,400 yodulidwa ija nthawi zambiri siibwereranso, choncho ngongole ikakhala ya nthawi yochepa, zodula zimapweteka kwambiri. Musanadinde chala, pemphani pepala losonyeza zimene muzilipira mwezi uliwonse, muone ngati nambala ya chiwongoladzanja ikutsika kapena yangoima, ndipo akulembereni ndalama imene mutuluke nayo pakhomo tsiku lolandira.