Makalata a Omvera: Ola la mawu ojambulidwa si ola la ntchito

Kalata yoyamba yachokera ku Chinamwali, ku Zomba. Akuti:

"Achimwene, ndinapeza ganyu kwa anthu ena ochita kafukufuku. Anandipatsa zokambirana za m'magulu zomwe anajambula kumudzi, zotalika maola 4, kuti ndizilembe m'Chichewa kenako ndizimasulire m'Chingerezi. Tinapangana K15,000 pa ola. Ndagwira milungu itatu, koma andipatsa K60,000 yokha. Kodi andibera?"

Pepani achemwali. Kuba sanabe ayi, koma ola lomwe ankanena iwo si lomwe munamva inu. Iwo amawerengera kutalika kwa mawu ojambulidwawo, pomwe inu mumawerengera nthawi yomwe mwakhala pampando.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Anthu awiri akamacheza m'chipinda mopanda phokoso, ola limodzi limadya maola 4 mpaka 6 kuti mulilembe. Nanga amayi 8 atakhala pansi pa mtengo wa mango, tambala akulira, mwana akuvutira bere, awiri akulankhulira pamodzi, wina n'kuponyamo Chiyao? Pamenepo mumangobweza, kubwezanso, mpaka makutu kuwawa, ndipo maola 8 amatha. Anu anayi aja ndiye kuti anakudyerani maola 32, masiku anayi athunthu.

Kumasulira ndi ganyu ina payokha, ndipo apa ndi pomwe munapsa kwambiri. Ola la macheza likhoza kutulutsa mawu a Chingerezi pafupifupi 8,000, pomwe womasulira wosamala amakwanitsa ngati 2,500 pa tsiku. Pa maola anu anayi aja, amenewo ndi mawu 32,000, pafupifupi masiku 13. Mukaphatikiza ndi anayi aja ndi 17, ndiye kuti mumalandira K3,500 pa tsiku, bandulo musanachotsere.

Ulendo wina musatchule mtengo musanamve. Apempheni mphindi 10 zokha, makamaka zapakati pomwe macheza atentha, muzilembe mukuyang'ana wotchi. Zikakutengerani mphindi 80, mwadziwa kale kuti ola lonse ndi tsiku lantchito. Afunseninso ngati akufuna chilichonse, mpaka "eee" ndi kuseka komwe, kapena mawu okonzedwa bwino, chifukwa mitengo yake ndi yosiyana.

Kenako mitengo ikhale iwiri: kulemba muwerengere pa mphindi, kumasulira pa liwu. Apa pali kamsampha komwe ambiri sakaona. Chichewa chathu chimamata mawu. "Sindidzakuuzaninso" ndi liwu limodzi, koma m'Chingerezi amakhala 6. Mukalola kuti awerenge mbali ya Chichewa, kompyuta iwonetsa mawu ochepa pomwe thukuta ndi lomwelo. Choncho panganani kuti muziwerenga mbali ya Chingerezi, kapena mtengo wa liwu la Chichewa ukwere.

Zonsezi zilembedwe, ngakhale pa WhatsApp pomwe, ndipo theka la ndalama lilowe pa Mpamba kapena Airtel Money musanavale mahedifoni.

Timve kaye nyimbo, tikabwerako kuli kalata ya ku Mchinji.