Ndiwo za Sabata Yonse Popanda Filiji: Kutenthetsa Sikuchotsa Poizoni

Muli bwanji abale anga a ku Yeoville, Rosettenville ndi Joni yonse! Dinani kaye batani la subscribe, tiyambe.

Choyamba: Lamulungu musaphike za sabata yonse, mungokonzeratu zouma. Kazingani usipa popanda mafuta mpaka uume gwa, uzizire, muutsekere m'botolo louma. Sinjani nsinjiro, koma mtedza wa chuku tayani. Mfutso ndi soya zimadikira zokha.

Chachiwiri: nyemba gawani kapu imodzi imodzi. Nyikani m'mawa mukamapita kukakwera tekisi, madzulo tayani madziwo, muwiritse ndi ena. Ziyambe zabwata kwambiri kwa mphindi 10. Zikachedwa kupsa musadabwe: Joni ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, ndiye madzi amawira pa madigiri 94, osati 100.

Tsopano chachitatu, chimene chimandipweteka mtima. Anthu amati, "Ukangotenthetsa, basi chili bwino." Ayi, achimwene! Ayi, achemwali!

Tiyerekeze mwaphika mpunga Lolemba 7 koloko madzulo, mu Januwale, kukutentha. Magetsi athima, mpunga wagona mupoto wovundikira. Mu mpunga wosaphika mumakhala mabakiteriya amene amadzitsekera m'chikhokho cholimba, moti kuphika sikuwapha. Chakudya chikayamba kuzizira, pakati pa madigiri 60 ndi 5, amadzuka, kuswana, n'kutulutsa poizoni. Lachiwiri m'mawa mwatenthetsa mpaka nthunzi tolotolo. Mabakiteriya ambiri afa, inde, koma poizoniyo moto sumuwononga. Mwadyera ku ntchito, ndipo pasanathe maola 6 mwayamba kusanza.

Wina akuti, "Ine ndimanunkhiza kaye." Mphuno imagwira chakudya chosasa, koma mpunga umenewu ukhoza kununkhira bwinobwino. Winanso akuti kumudzi timadya mkute osadwala. Timadyadi, koma kangati mwana watsegula m'mimba ife n'kunamizira madzi? Malire ndi awa: chophika chisakhale panja kupitirira maola 2, ndipo kukatentha kuposa madigiri 32, ola limodzi lokha. Mpunga, nyemba, nyama, ndiwo zotendera, zonsezi lamulo ndi lomwelo.

Tumizani vidiyoyi kwa amene mumagawana naye chipinda, chifukwa poto ndi mmodzi.

Nanga chamasana? Gulani fulasiki ya chakudya. Ithireni madzi owira, adikire mphindi 5, akhuthuleni, muikemo chakudya chongophulidwa kumene m'mawa womwewo. Mukatsegula masana n'kupeza chili chofunda chabe, fulasikiyo yakunamizani. Tsiku lothamanga, buledi wa chiponde ndi nthochi zikwanira.

Amene muli ndi filiji, Eskom ikathimitsa musamatseguletsegule. Yotsekedwa imasunga kuzizira maola pafupifupi 4, filiza yodzaza mpaka maola 48. Vidiyo yotsatira tiphika usipa wotendera pa gasi m'mphindi 15, ndiye dinani kabelu kaja.