Kalata yopempha malo opemphereramo: zimene a hedi amafuna kuonamo

Moni nonse. Lero ndikulankhula ndi inu a m'makomiti a SCOM, YCS ndi magulu a ophunzira achisilamu, amene mukufuna chipinda ndi nthawi yopemphera pasukulu.

Makalata ambiri otere amangogona pa tebulo la a hedi osayankhidwa. Sikuti iwo amadana ndi mapemphero ayi. Akangowerenga kuti "tikupempha malo ndi nthawi," amadzifunsa kuti: chipinda chake chiti, nthawi yanji, nanga zikavuta ndidzafunsa ndani?

Choncho musanagwire cholembera, pezani kaye mphunzitsi woti akhale patironi kapena matironi wanu, ndipo avomere ndi pakamwa pake. Kalata idzadzera mwa iyeyo, asainepo, kenako ipite ku ofesi. A hedi akaona kuti palibe dzina la mphunzitsi, amadziwa kuti windo likadzasweka, mlandu udzagwera iwo okha.

Mukatero, yang'anani ndandanda ya zochitika pasukulu. Apa mpamene ambiri amalakwitsa. Amasankha nthawi yowakomera, osaona kuti ikugundana ndi pulepu, masewero kapena ntchito zapanja. Tiyerekeze kuti makalasi amatha 3:30 ndipo Lachitatu masana kulibe china chilichonse. Pakati pa kalatayo mungalembe motere:

"Bambo mphunzitsi wamkulu, ife ophunzira 45 tikupempha kuti mutilole kugwiritsa ntchito kalasi ya Fomu 2B Lachitatu lililonse, kuyambira 3:45 mpaka 4:45 masana. Patironi wathu adzakhala nafe. Tikamaliza tidzasesa, kubwezera madesiki m'malo mwake ndi kupereka kiyi ku ofesi. Sitidzagwiritsa ntchito zokuzira mawu, sitidzakakamiza wina aliyense kubwera, ndipo mlaliki wochokera kunja sadzaitanidwa popanda chilolezo chanu. Tikupempha kuti mutiyese kwa teremu imodzi."

Mawu omalizawo, a teremu imodzi, musawasiye. Munthu savutika kuvomera chinthu chimene akudziwa kuti angathe kuchiunikanso pakatha miyezi itatu.

Abale achisilamu, inu pempho lanu liri ndi zake. Swala ya masana ndi ya tsiku ndi tsiku, ndiye nenani kuti mukufuna mphindi zingati pa nthawi ya nkhomaliro, malo oyera oyalapo mikeka, ndi komwe muzitunga madzi a udhu. Za Lachisanu zilembeni padera, makamaka ngati muzituluka kupita ku mzikiti: muzinyamuka nthawi yanji, kubwerera nthawi yanji, ndiponso muzipita ndi ndani.

Ena amandifunsa ngati atchule malamulo. Nzoona kuti gawo 33 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza ufulu wachipembedzo, koma ine ndimati musayambire pamenepo, chifukwa kalata imamveka ngati samani. Lisungeni, mudzalitchule mwaulemu ngati akukanizani popanda chifukwa pamene magulu ena akuloledwa.

Asaine wapampando ndi mlembi, mulembe tsiku, ndipo kope imodzi itsale kwa inu. Pakatha sabata osamva kanthu, musapite chigulu ku ofesi. Pemphani a patironi akawakumbutse a hedi.