Guluu wa sitika wakana kuchoka pa botolo? Yambani mwamuzindikira kaye

Muli bwanji nonse, lero tili pakhonde kuno ku Matawale ndi mabotolo awiri, ili la galasi munali mayonezi, ili la pulasitiki munali chiponde. Amene mumagulitsa uchi kapena tsabola wa kambuzi mu msika wa Zomba mukudziwa kuti botolo likamamata m'manja kasitomala amangolibweza pa benchi, olo za mkatimo zikhale zabwino bwanji.

Chimene anthu ambiri sadziwa ndi choti guluu wa pamabotolo sakhala wa mtundu umodzi. Wina amasungunuka ndi madzi, wina madzi samumva ngakhale muviike sabata yonse, amamva mafuta. Nde musanayambe kukwecha yesani kaye. Viikani botolo m'beseni la madzi ofunda a sopo kwa maminitsi 20. Pepala likasendeka lokha n'kusiya zoterera ngati phala, ameneyo ndi wa madzi, tsukani basi nkhani yatha. Koma likang'ambikang'ambika n'kusiya zomata zokoka ngati chingamu, ameneyo ndi uja wovuta uja.

[Kamera pafupi ndi botolo la galasi]

Ili ndi la wovutayo. Sindiliviikanso ayi, ndikuthira madzi otentha mkati mwake, kunjaku kukhale kouma, chifukwa kutentha kukudutsa m'galasimu kukufewetsa guluu kuchokera kumbuyo kwa pepala. Chonde apa samalani, makamaka m'mawa wa mu Juni ndi chisanu cha kuno chija, galasi lozizira mukalithira madzi owira likhoza kuthetheka nthawi yomweyo. Yambani mwalitsukuluza ndi ofunda, kenako otentha koma osati ochoka pamoto pompano.

Papita maminitsi 5. Ndikugwira pakona, ndikukoka pang'onopang'ono, pepala ndalipinda kuti lizibwerera chogona, osati kulizula chokweza m'mwamba. Mukathamanga pepala limabwera lokha guluu n'kutsala. Mwaona? Wambiri wapita ndi pepala, kwatsala mizere iwiri iyi yotuwa.

Njira yochotsera mizereyi ndi iyi: supuni yaing'ono imodzi ya mafuta ophikira, supuni imodzi ya soda, yemwe uja timathira m'therere. Sakanizani zikhale ngati phala lolimba. Amene akugwira ntchito yeniyeni apa ndi mafuta, amalowa mu guluu n'kumulekanitsa ndi galasi, soda ntchito yake ndi kugwira mafutawo kuti asayenderere komanso kukwecha pang'ono. Pukutani botolo liume kaye, pamalo ponyowa mafuta safika pa guluu, apa ndi pamene ambiri zimawakanika n'kumati njirayi ndi yabodza. Pakani, siyani maminitsi 30. Kenako tikitani ndi kansanza mozungulira, muona guluu akupanga timibulu takuda n'kumagwa. Timibulu tikapanda kubwera, guluu akungofalikira botolo lonse, ndiye kuti nthawi inachepa, pakaninso mudikire. Pomaliza sopo ndi madzi ofunda, yendetsani chala, chikamalira kuti tswii ndiye kuti mwayera.

[Botolo la pulasitiki]

Tsono ili ndi limene ndikufuna mumvetsere bwino, chifukwa ine ndinawonongapo mabotolo 6 tsiku limodzi, ndinawathira madzi owira onse anakhwinyata ngati chikumba, zivindikiro osalowanso, zinandiwawa kwambiri. Tembenuzani botolo muone pansi, pali ka nambala mkati mwa timivi titatu. Mukaona 1 kapena PET, ngati ili, limayamba kufewa kutentha kukafika cha m'ma digiri 70, pomwe madzi owira amayandikira 100. Nde madzi ake akhale oti dzanja lanu likutha kupiriramo. Mukaona 5 kapena PP, ngati makontena ambiri otengera chakudya aja, amapirira kutentha bwinoko.

Phala la mafuta lija limagwiranso pa pulasitiki, kungoti soda chepetsani ndipo musatikite mwamphamvu, pulasitiki wowala amakalika msanga. Waya wokwechera mapoto ayi ndithu, mpeni ayi, palani ndi khadi lakale la pulasitiki kapena chikhadabo. M'mikwasa imene waya amasiya ndi mmene litsiro limakakhala, simudzalichotsanso.

Ena amati parafini. Inde amachotsa guluu, koma pulasitiki amamwa fungo lake, uchi wanu udzanunkha nyali, nde pa chotengera chakudya musayerekeze. Mankhwala ochotsera penti wa m'zikhadabo aja, ambiri mumakhala asetoni, pagalasi ali bwino koma pulasitiki wina amamuchititsa chifunga chosachoka, wa nambala 6 amachita kumusungunula. Sipiriti ndi wofatsirapo, komabe yesani kadontho pansi pa botolo kaye, ndipo kutali ndi mbaula.

Ili la chiponde ndalipaka mafuta okhaokha, tilisiya mpaka madzulo chifukwa guluu wake ndi wakalekale, anaumira padzuwa.