Makalata a omvera: khola lili mbee, ndalama sizikuoneka

"Ndine mphunzitsi, ndimakhala ku Kapata. Pambali pa ntchito ndimaweta nkhuku za mabroila. Ulendo wathawu ndinagula anapiye 100, ndipo pamodzi ndi chakudya, katemera ndi utuchi ndinalowetsa K8,000. Anafa 5, zina zonse zinakula, mtengo K130 imodzi. Lero khola lili mbee koma ndili ndi K5,200 basi, yosakwanira kuyambiranso. Sindinaberedwe. Ndalama zinalowera kuti?"

Zikomo aphunzitsi. Tengani cholembera tiwerengere limodzi. Nkhuku 95 pa K130 zimabweretsa K12,350, ndiye kuti tikusakasaka K7,150. Ine ndikukayikira kukhitchini. Tiyerekeze kuti nkhuku 10 zinathera mumphika, zina Lamlungu, zina kutabwera apongozi, ziwiri kumaliro. Imeneyo ndi K1,300. Zina 20 munakongoza aphunzitsi anzanu kuti adzalipira akafola, ndiyo K2,600. Yotsalayo, K3,250, inatuluka pang'onopang'ono m'masabata ogulitsa: malaiti, mafuta ophikira, njinga ya kabaza, nsapato ya mwana. Pakati pa mwezi malipiro amakhala atatha, ndipo ndalama imene imaoneka m'nyumba ndi ya nkhuku yokha. Dzanja limapita komweko.

Chochita choyamba ndi kudziwa nambala imodzi musanagulitse nkhuku iliyonse. Gawani K8,000 ndi K130, mupeza nkhuku 62. Ndalama ya nkhuku 62 zoyambirira si yanu, ndi mpamba wogulira anapiye ndi chakudya cha ulendo wotsatira. Phindu limayamba pa nkhuku ya 63. Poti mtengo wa chakudya cha nkhuku sukhala malo amodzi, ine ndingaike malire pa 65.

Mpamba umenewu usagone m'chikwama chomwe mumatengamo ya ndiwo. Tsegulani nambala ina ya Airtel Money kapena MTN MoMo yosiyana ndi imene mumagwiritsa ntchito masiku onse, ndipo ogula azitumiza kumeneko. Wina akalipira pamanja, kaikeni tsiku lomwelo. Potapa amadulako pang'ono, zimenezo muzilembe ngati zowonongera bizinesi. Komabe ndi zochepa poyerekeza ndi K3,250 yosowa ija.

Kudya nkhuku zanu sindikukuletsani, mwana wa mlimi sagona ndi njala. Koma banja ligule ngati kasitomala. Mwapha nkhuku, chotsani K130 pa ndalama ya ndiwo muike ku nambala ya bizinesi. Ngati palibe, lembani m'kope kuti nyumba yakongola, mudzabweze tsiku lofola musanagule china chilichonse. Ngongole za anzanu nazo ziyambe mpamba utakwana, osati usanakwane. Mabroila amakula pafupifupi masabata 6, choncho werengani chobwerera m'mbuyo kuti azidzakhwima mwezi ukutha, anthu ali ndi ndalama. Akapitirira nthawi m'khola amangodya phindu lanu.

Pali chinanso chimene sindikuchiona m'kalata yanu. Makala ofunditsira anapiye m'masabata oyamba, malaiti oyaka usiku m'khola, thiransipoti ya matumba a chakudya, zonsezi analipira ndani? Ngati zinachoka ku malipiro anu a uphunzitsi, ndiye kuti nkhuku zinadya kuposa K8,000. Titi zinakwana K600. Mpamba weniweni ndi K8,600, malire akwera kufika pa nkhuku 67, ndipo phindu la ulendo wonse ndi K3,750. Pa phindu limenelo ndi pomwe mungadzilipire, kamodzi kokha, khola litatha ndipo ngongole zitabwera. Pakali pano londolani amene anakongola, ndipo ngati ndalama siikwana, yambiraninso ndi anapiye 60 m'malo mothamangira kaloba.

Kalata yachiwiri yachokera kwa bambo a ku Katete, ogwira ntchito kuchipatala: "Ndili ndi kantemba, amagulitsamo ndi akazi anga. Ndikawafunsa za ndalama amati sindiwakhulupirira."

Bambo, ndikufunseni: mukafola, ya pakhomo mumawasiyira yokwana mwezi wonse? Ngati imatha pa 15, sopo ndi shuga azichokera mu kantemba, ndipo mlandu si wa amayi okha. Khalani pansi mugwirizane ndalama ya pakhomo, komanso malipiro awo a pamwezi, chifukwa kukhala mu kantemba tsiku lonse ndi ntchito. Kope la zotengedwa likhale limodzi, ndipo inunso mukatenga mayunitsi a foni mulembe dzina lanu pomwepo. Loweruka lililonse werengerani limodzi katundu wotsala pa mtengo wogulira, muphatikize ndi ndalama ili m'kabokosi ndi ngongole zolembedwa. Chiwerengerocho chikamatsika sabata ndi sabata pamene malonda akuyenda, ndiye kuti pali katundu akutuluka osalembedwa, ndipo muyambe kuona pa shuga, mafuta ndi sopo.